Sikirinishoti munatumiza koma agogo akukanikabe: isandutseni masitepe a 1, 2, 3

Agogo anga aakazi amakhala ku Mulanje mbali ya ku Limbuli uko, ine ndili ku Luchenza kuntchito. Foni yawo ndi Samsung ya masimu awiri imene amalume anawatumizira kuchoka ku Joni, ndipo ntchito yake yaikulu ndi imodzi basi, kumva mavoisi a pa WhatsApp ochokera kwa amalumewo ndi kuona zithunzi za adzukulu. Nde pafupifupi mwezi uliwonse zimachitika zomwezomwezo, amalume agula bandulo, agogo akuti WhatsApp siikulowa, amalume aimbira ine kuti tawathandize amayi. Chimachitika n'chakuti ana a pakhomo akabwereka foni ija amasinthira data ku laini inayo komwe agulako kabandulo kawo, akamaliza sabweza, nde bandulo ya agogo imangokhala pa simu ina pomwe foni ikufunafuna intaneti pa simu yopanda kanthu.

Kukonza kwake ndi kwa masekondi 20 ngati foni ili m'manja mwako. Koma ukakhala kutali ndi nkhani ina. Poyamba ndinkachita zomwe tonse timachita, kujambula sikirinishoti ya tsamba la Settings, kuzunguliza ndi kofiira, kutumiza ku foni ya msuweni wanga kuti awaonetse. Sizinathekepo olo kamodzi, ndipo agogo anayamba kunena kuti iwo ndi okalamba zimenezi sangazithe, mawu amene ankandipweteka chifukwa ndi mayi amene amawerenga Baibulo lawo tsiku lililonse ndipo ndalama za nanazi amawerengera okha osaphonya. Vuto silinali mutu wawo. Sikirinishoti imaonetsa pofikira, siionetsa njira. Zili ngati munthu wakufunsa njira ya ku Likhubula iwe n'kumupatsa chithunzi cha mathithi kuti ukaona chonchi wafika. Afika bwanji asakudziwa kuti pa Chitakale akhotere kuti?

Nde apa ndikufuna ndifotokoze mmene ndimachitira pano, ndi pomwe zimakonda kufoira.

Sikirinishoti ikhale ya foni yawo, osati yanu

Apa ndi pomwe ndinataya miyezi. Yanga ndi Tecno, yawo Samsung, zonse ndi Android inde koma mayina a mu Settings si amodzi. Pa Samsung nkhani za masimu ndi netiweki zili pansi pa Connections, pomwe mafoni ena ambiri amalemba Network & internet kapena zina zofanana nazo. Ngakhale ma Samsung okhaokha amasiyana, akale amalemba SIM card manager, atsopano SIM manager. Kwa inu ndi ine kusiyana kumeneko si kanthu, tikudziwa kuti ndi chinthu chimodzi. Kwa munthu amene Chingelezi sachiwerenga koma akungofananiza maonekedwe a zilembo, mawu amodzi akasowa ndiye kuti si pamenepo, amaima, ndipo akulondola kuima.

Choncho pemphani wina wa pakhomopo, mdzukulu kapena mlongo wanu, ajambule foni yawoyo. Pa mafoni ambiri a Android umadina batani lozimitsira ndi lochepetsera voliyumu nthawi imodzi, sikirini imaphethira, basi yajambula. Koma kumbukirani kuti ngati vuto ndi data, chithunzicho sichingatuluke m'foni ya agogo pa WhatsApp, nde njira yachidule ndi yakuti mwanayo atenge foni ina ajambule sikirini ya agogo ndi kamera. Akhale pa mthunzi pakhonde, asayatse fulashi, foni ya agogo aigoneke pa tebulo, ndipo sikirini yonse ilowe kuyambira pamwamba pomwe pali nthawi ndi batire mpaka pansi pa mabatani atatu aja. Pamwambapo musapadule, ndi pomwe mumaona ngati pali kandege kapena ngati netiweki ilipo.

Ndipo chithunzi chimodzi sichikwanira. Mukufuna chimodzi pa khomo lililonse lomwe chala chidutse: poyambira, mu Settings, mu Connections, mu SIM manager, ndi kabokosi kamene kamatuluka ukadina. Kwa ife zinali zithunzi 5. Msuweni wanga anadandaula kuti zachuluka, koma ndi ntchito ya kamodzi.

Kuwerenga chithunzicho musanalembe kanthu

Zithunzi zikafika musathamangire kulemba. Pa chilichonse ine ndimayang'ana zinthu zitatu.

Mawu a pamwamba penipeni, mutu wa tsamba. Amenewo ndiwo chikwangwani chosonyeza kuti munthu wafika pati, ndipo alowa mu sitepe iliyonse.

Kenako mawu oti adine, ndimawakopera ndendende mmene alili, chilembo chachikulu pomwe pali chachikulu, chaching'ono pomwe pali chaching'ono. Ndinkaganiza kuti kulemba CONNECTIONS m'zilembo zikuluzikulu ndikuwathandiza maso, koma pa sikirini palembedwa Connections ndipo kwa agogo zimenezi zikuoneka ngati mawu awiri osiyana. Lembani zilembo zonenepa zooneka patali, koma kaonekedwe kake kakhale komweko. Komanso musamasulire mawuwo. Mukalemba kuti dinani pa zolumikizira, adzafuna mawu oti zolumikizira ndipo mulibe.

Chachitatu, chimene ambiri amadumpha, ndi anzake ofanana nawo amene ali pafupi. Tsamba la Connections pa Samsung lili ndi Wi-Fi, Bluetooth, Flight mode, SIM manager, Mobile networks, Data usage ndi zina. Taonani mmene zilili, ife tikufuna Mobile data, ndipo apa pali Mobile networks yoyamba ndi mawu omwewo, palinso Data usage yokhala ndi mawu oti data. Munthu amene wamva pa foni kuti tikukonza data adina Data usage, ndipo mkati mwakemo mulinso Mobile data ina, kasiwichi koyatsa ndi kuzimitsa, komwe si komwe tikufuna. Agogo anakadina tsiku lina n'kuzimitsiratu data yonse, vuto limodzi linakhala awiri. Nde mukaona mnzake wofanana chonchi mutchuleni pa pepala kuti uyu ayi.

Mu SIM manager momwemo muli msampha wina waukulu. Pamwamba pali masimu awiri aja, iliyonse ndi kasiwichi kake kumanja. Kasiwichi kameneko kamazimitsa laini yonse, munthu osapezekanso olo pomuimbira. Ife tikufuna m'munsi mwake, pomwe pali Calls, Messages ndi Mobile data. Pa pepala la agogo ndinalemba chenjezo limeneli mkati mwa sitepe yomweyo osati kumapeto, chifukwa chenjezo la kumapeto munthu amaliwerenga atadina kale.

Kalembedwe kake

Sitepe imodzi, chala chigwire ntchito imodzi. Mukaona mwalemba "kenako" kapena "ndipo" pakati pa zochita ziwiri, dulani pakhale manambala awiri. Ndipo sitepe iliyonse ithe ndi zomwe aone zikatheka, kuti adziwe okha ngati apitirize kapena aime. Chimenechi ndiye chinasintha zonse kwa ife, chifukwa kale ankalakwitsa pa sitepe 3 koma n'kumapitirira mpaka 7 ali m'tsamba lina, ine ndikumalangiza za tsamba lomwe iwo sali.

Musawerenge mizere. Zoti dinani mzere wachinayi zimagwa msanga, foni ya munthu wamkulu nthawi zambiri zilembo zinakulitsidwa nde pa sikirini pamakwana mizere yochepa, komanso foni ikangolandira zatsopano mndandanda umatha kusuntha. Mitundunso musaidalire kwambiri, mwana akayatsa Dark mode tsamba lomwe linali loyera limakhala lakuda, pepala lanu lonena za poyera lasokonekera. Dalirani mawu, ndi mbali, pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere.

Zizindikiro zipatseni mayina a zinthu zomwe amazidziwa. Cha Settings chija kwathu timati giya ya njinga, aliyense ku Mulanje kuno giya ya njinga amaidziwa. Ndipo mawu a zochita sankhani awiri atatu musawasinthesinthe: "dinani" kutanthauza kukhudza kamodzi n'kuchotsa chala, "kankhirani m'mwamba" kutanthauza kuika chala pakati n'kuchikwezera kumwamba. Osalemba kuti tsikani pansi, chifukwa kuti uone za pansi chala chimapita m'mwamba, nde mukati pansi iwo akokera chala pansi ndipo tsamba silisuntha kapena patuluka zina za pamwamba zija.

Ndisanalembe ndinachitanso zinthu ziwiri tsiku lomwe ndinapita kumudzi, ndipo ngati mungathe chitani. Giya ija ndinaikokera poyambira pafupi ndi WhatsApp kuti asamaifunefune. Kenako masimu ndinawapatsa mayina, pa Samsung ukadina simu mu SIM manager umatha kusintha dzina lake, nde ya bandulo ndinaitcha DATA, inayo KUIMBA. Zoti SIM 1 ndi SIM 2 palibe amene amakumbukira kuti Airtel ili kuti TNM ili kuti, inenso ndinkaiwala.

Pepala la agogo linatuluka chonchi:

1. Dinani kabatani ka pakati, pansi penipeni pa foni. Muona chithunzi cha adzukulu chija.
2. Dinani giya ya njinga yolembedwa Settings. Pamwamba paoneka mawu oti Settings.
3. Dinani Connections, ili cha kumtunda. Pamwamba paoneka Connections.
4. Dinani SIM manager. Osati Mobile networks, osati Data usage. Pamwamba paoneka SIM manager.
5. Apa timasiwichi ta kumanja kwa DATA ndi KUIMBA musatikhudze. Kankhirani chala m'mwamba pang'ono mpaka muone Mobile data.
6. Dinani Mobile data kamodzi. Patuluka mayina, DATA ndi KUIMBA.
7. Dinani DATA.
8. Pakatuluka kabokosi kofunsa, dinani mawu a kumanja, osati Cancel. Pakapanda kutuluka pitani pa 9.
9. Yang'anani pansi pa Mobile data. Pakalembedwa DATA mwatha.
10. Dinani kabatani ka pakati kaja, dikirani mphindi imodzi, tsegulani WhatsApp.

Pansi pake ndinalemba mzere umodzi wokha: mukasochera paliponse dinani kabatani ka pakati muyambirenso pa 1, palibe chiwonongeke. Agogo anandifunsa kawiri kuti zoona palibe chiwonongeke mwanawe, ndinati zoona agogo, bola timasiwichi tija musatikhudze. Mantha owononga foni ya mwana wawo ndi amene ankawagwira dzanja kuposa china chilichonse.

Sitepe 1 ija ena amaiona ngati yosafunika koma musaichotse. Simukudziwa foni yatsala pati, mwina ili mkati mwa WhatsApp, mwina mwana anaisiya pa gemu. Ndasankha kabatani ka pakati osati kobwerera m'mbuyo chifukwa kobwererako pa Samsung kamakhala kumanja pomwe pa mafoni ena kali kumanzere, pomwe ka pakati ndi ka pakati kulikonse. Ngati foni yawo ilibe mabatani atatuwo pansi, ndiye kuti inaikidwa zokankha ndi chala, muwabwezeretse kaye, pa Samsung ndi Settings, Display, Navigation bar.

Masitepe 10 ndi ochuluka kale. Akapitirira 12 ine ndimaona kuti ntchitoyo si ya pepala.

Awerengera pati?

Mwalemba bwino, mwatumiza pa WhatsApp ya agogo. Vuto ndi lakuti foni ndi imodzi, akatsegula Settings meseji yanu yasowa, akabwerera ku meseji Settings yasowa, ndipo ngati data ndi yakufa siifika n'komwe. Masitepe akhale pa pepala. Tumizani kwa mdzukulu akopere pa tsamba la kope ndi cholembera chakuda, zilembo zonenepa, kusiya mzere pakati pa sitepe ndi inzake, kenako ajambule pepalalo akutumizireni muone, chifukwa ana pokopera amakonza mawu mmene akuonera iwo, wathu analemba Connection opanda s ndipo anadumpha "osati" imodzi.

Ngati pakhomopo palibe foni ina ya WhatsApp, meseji wamba imafika olo data kulibe. Kungoti imodzi imatenga zilembo 160, ndipo mukaikamo ŵ wa kachipewa uja imatsika kufika pa 70, nde imadukaduka n'kudya mayunitsi ambiri. Lembani w wamba, ndipo tumizani masitepe awiri atatu pa meseji iliyonse, manambala ali pomwepo kuti olo zifike mosemphana wokoperayo azitha kusanja.

Akamati sizikutheka

Poimba musafunse kuti mukuona chiyani, yankho lake limakhala loti zilembo zambirimbiri. Funsani kuti mwafika pa nambala chani, kenako nditchulireni zilembo zitatu zoyamba za mawu a pamwamba penipeni. Akati S, I, M mwadziwa ali pabwino. Akati D, a, t mwadziwa alowa mu Data usage, abwerere pa 1. Komanso imbani pa foni ina ngati ilipo, osati yomwe akukonzayo, chifukwa kuigwira kukhutu n'kumadinanso sizitheka, ndipo akaichotsa kukhutu amatha kudula.

"Ndikudina koma palibe chikuchitika." Choyamba onetsetsani kuti sakudina chithunzi. Izi zinatichitikira, sikirinishoti ya Settings itatseguka imadzaza sikirini yonse ndipo imaoneka ndendende ngati Settings yeniyeni, agogo anadina SIM manager ya pa chithunzi kwa nthawi ndithu. Mudziwa chifukwa akadina pamwamba pamatuluka dzina la wotumiza ndi tsiku, kapena nthawi yomwe ili pa ngodya siikugwirizana ndi nthawi yeniyeni. Ichi ndi chifukwa china chomwe sindiwatumiziranso masikirinishoti, ndi anga ogwirira ntchito, iwo amalandira pepala. Ngati si chithunzi, ndi chala. Anthu akuluakulu anazolowera mafoni a mabatani nde amakanikiza ndi kukhalitsa, ndipo foni ya sikirini imamva kukhalitsa ngati lamulo lina, giya ija m'malo motseguka imatulutsa kabokosi kapena kuyamba kusuntha. Ine ndimawauza kuti khudzani ngati mukuyesa ngati poto watentha. Chikhadabo sichigwira, pakufunika mnofu wa chala. Ndipo masiku a chiperoni zala zikazizira n'kuuma, kapena akachoka kotsuka mbale zili zonyowa, sikirini imavuta kumva, apukute manja awatikite pang'ono. Kagalasi koteteza kakang'ambika pamalo omwewo nakonso kamasokoneza.

"Mawu amenewo palibepo." Nthawi zambiri ali m'munsi, sanakankhe mokwanira. Pa sikirinishoti inu mukuona tsamba litakankhidwa kale ndi mwana uja ndipo simudziwa kuti anakankha, nde mumalemba ngati mawuwo amaoneka pompo. Mufunse wojambulayo ngati anasuntha tsamba asanajambule. Ngati akankha mpaka pansi ndipo palibedi, mwina ali tsamba lina, funsani zilembo za pamwamba zija. Zikakhala kuti tsamba ndi lomwelo koma mawu asintha, foni inalandira zatsopano kapena wina anasintha chilankhulo, mwachitsanzo Chingelezi cha ku UK chimalemba Flight mode pomwe cha ku America chimalemba Airplane mode. Pamenepo musalimbane, pemphani zithunzi zatsopano mulembenso. Pa ngodya ya pepala ndimalembapo tsiku pa chifukwa chomwechi.

"Foni yazima." Siinazime, sikirini yagona. Mafoni ambiri amagona pakatha masekondi 15 kapena 30 osakhudzidwa, ndipo munthu amene akuwerenga pepala, kukonza magalasi, kufunafuna mawu, masekondi 30 samukwanira. Akaidzutsa mwina ikufuna patani, aiwala anali pati. Konzani ichi musanayambe china chilichonse: Settings, Display, Screen timeout, muike mphindi 2 kapena 5. Batire imadyeka pang'ono inde, ndipo kumudzi kotchajitsa kolipira zimenezo zimawerengedwa, nde ine ndinasiya pa 2.

"Zinatheka kenako zabwerera." Izi zimachitika kwambiri ndi timasiwichi, kudina kamodzi kayaka, kudinanso kazima, ndipo munthu wosatsimikiza amadina kawiri kuti zigwire. Ngati masitepe anu ali ndi kasiwichi musalembe kuti dinani basi. Lembani mmene kakuyenera kukhalira: kadontho kakakhala kumanja kasiyeni, kakakhala kumanzere dinani kamodzi. Kumbukirani kuti sikirinishoti ndi ya nthawi imene inajambulidwa, pofika tsiku logwiritsa ntchito pepala kasiwichi katha kukhala mbali ina. Sitepe 9 ija n'chifukwa chake imati yang'anani, siikuti dinani.

"Zonse ndachita, palembedwa DATA, koma WhatsApp ayi." Apa pepala lagwira ntchito yake, vuto lili pena. Ngati mukulankhula nawo pa foni yomweyo pa laini ya KUIMBA, mafoni ambiri a masimu awiri amaimitsa data ya simu inayo mpaka mutadula, nde dulani kaye dikirani mphindi. Kenako ayang'ane pamwamba pafupi ndi timizere ta netiweki. Pakaoneka 4G, LTE, H+ kapena 3G data ndi yoyaka. Pakaoneka E ikuyenda koma mwapang'onopang'ono kwambiri, mameseji alowa koma voisi yaitali kapena chithunzi chichedwa, atuluke panja pomwe imagwira bwino, pakhomo paliponse m'mphepete mwa phiri muno pali malo ake odziwika. Pakaoneka kandege ndi Flight mode. Pakapanda chilichonse mwina kasiwichi ka mu Data usage kaja kanazimitsidwa. Chizindikiro chikakhalapo koma WhatsApp osalowabe, mwina bandulo inatha masiku, zomwe wogulayo ayenera kuona. Chilichonse mwa zimenezi ndi pepala lakelake. Musaziphatikize pa pepala limodzi ndi ma "ngati" ambirimbiri, agogo ali ndi mapepala atatu, la data, la kandege, ndi la foni ikasiya kulira, lililonse mutu wake pamwamba m'Chichewa mmene iwo amanenera vutolo: "WhatsApp siikulowa", "Anthu sakundipeza", "Siikulira".

Zomwe sindilemba pa pepala

Chilichonse chodutsa pafupi ndi mawu oti Reset sindilemba, olo chikhale chophweka bwanji, chifukwa pa tsamba lomwelo pali Factory data reset imene imafufuta zonse, zithunzi za adzukulu ndi mavoisi omwe. Zofuna kutaipa zilembo ngati za APN, zokonzera intaneti ya simu zija, nazonso ayi. Zimenezo ndimadikira Loweruka ndikwere minibasi, kapena ndimatuma msuweni wamkulu ine ndili pa foni.

Samalaninso ndi zomwe zili m'zithunzizo. Tsamba la SIM manager limatha kuonetsa manambala a foni, la About phone limaonetsa nambala ndi IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ndipo pamwamba pa sikirini pamatha kutulukira meseji ya ndalama kapena nambala yachinsinsi ya WhatsApp nthawi yomwe mwana akujambula. Musaponye zithunzi zotere m'gulu kuti anthu akuthandizeni musanafufute zimenezo. Pini ya Mpamba kapena Airtel Money isalembedwe pa pepala la masitepe, pepalalo limagwiridwa ndi aliyense pakhomo. Ndipo popeza tsopano agogo azolowera kutsata manambala, ndinawauza momveka kuti munthu wachilendo akaimba n'kumati dinani apa, tchulani nambala yabwerayo, adule aimbire ine kapena amalume. Masitepe ndi a pa pepala lolembedwa ndi ana awo basi.

Kuyesa musanadalire pepala

Pepala lisanayesedwe ndi mwiniwake silinathe. Tsiku lomwe ndinapita ndinasinthira data ku KUIMBA dala, n'kuwapatsa foni ndi pepala, ine n'kukhala pa mkeka manja ndapinda. Kuvuta kwake ndi kumeneko, kusalanda foni. Anafika pa 5 n'kuima. Ndinali nditalemba kuti kankhirani m'mwamba, iwo anakankha mwamphamvu tsamba linathamanga mpaka kumapeto Mobile data n'kudutsa, nde mawu oti "pang'ono" aja analowa tsiku limenelo. Pa 8 anaimanso chifukwa ndinali ndisanalembe zoti achite kabokosi kakapanda kutuluka, anangokhala kudikira. Paliponse pomwe aima kapena kukuyang'anani ndi pomwe pepala lili ndi bowo, konzani pepalalo pompo musawafotokozere pakamwa, za pakamwa mupita nazo ku Luchenza pepala litsala lomwelo.

Tinabwereza katatu, kachitatu sanandiyang'anenso. Mapepala atatu aja tinawaika m'kajumbo koonekera chifukwa cha chinyezi cha kuno, ali m'buku lawo la nyimbo pamodzi ndi magalasi. Mwezi wathawu ana anasinthanso data, ndinadziwa madzulo pomwe voisi yawo inalowa, akuti ndakonza ndekha mwanawe koma pa nambala 4 inki yayamba kufufutika, ukamabwera ubwere ndi cholembera china.